Mfuti ya gemu ya abakha ikungophonya pa pulazima, yafa kapena?

*Funso: Achimwene ndapeza kagemu kathu kakale kwa mayi kumudzi, kaja ka makatiriji achikasu kokhala ndi mfuti yowombera abakha. Ndalumikiza pa pulazima yanga ya mainchesi 43, mapadi akugwira bwinobwino koma mfuti ayi ndithu, ngakhale nditaigunditsa pa sikirini penipeni galu uja amangondiseka. Ndagula mfuti ina pamsika nayonso chimodzimodzi. Zonse ziwiri ndi zakufa kapena pali seting'i yomwe ndikuphonya?*

Achimwene musagulenso yachitatu chonde, ndalama imeneyo muisunge. Mwina mfuti zonse ziwirizo ndi zamoyo, ndipo pa TV yanuyo palibe seting'i yomwe ingakonze zimenezi, ngakhale mutakhala pa menyu usiku wonse. Ine ndakhala ndikutsegula ma TV kuyambira nthawi ya aja a chimsana mpaka apyapyala a masiku anowa, ndipo dandaulo lanuli limabwera ndithu pa benchi panga, munthu atanyamula mfuti mu jumbo kuti "bwana tandionereni waya waduka mkati". Kawirikawiri waya amakhala ali bwino.

Poyamba chotsani m'mutu zoti mfutiyo imawombera kanthu ku TV. Tonse tili ana tinkakhulupirira zimenezo, kuti mukutuluka kuwala kosaoneka ngati pa rimoti. Ayi. Mfutiyo situlutsa chilichonse, ndi diso chabe. Mukaimasula mupeza kagalasi kutsogolo kwa mpope, ndiye mkati kumbuyo kuli kasensa kamodzi komva kuwala ndi kabodi kakang'ono, ndi switchi ya thiriga, basi. Kasensako sikaona bakha, sikaona mtengo, sikadziwa kuti kumanja ndi kuti, kamangoyankha funso limodzi lokha, pomwe ndalozapa pakuwala kapena pali mdima? Nzeru zonse zili mu gemu ndi mu TV.

Kagemu kanuko ndi kokopera makina a Nintendo, aja ankatchedwa Famicom ku Japan ndi NES ku America. Gemu ya abakhayo dzina lake ndi Duck Hunt, inatuluka ku Japan mu 1984, ndipo mfuti yake ku America ankaitcha Zapper, inafika kumeneko mu 1985. Zomwe zinafika kwathu kuno zambiri zinali zokopera za ku Asia, za makatiriji olembedwa kuti muli magemu masauzande pomwe ndi omwewo akungobwerezedwa, koma kagwiridwe ka mfuti anakopera momwemo.

Ndiye chimachitika ndi ichi mukakoka thiriga. Gemu imazimitsa chithunzi chonse, sikirini yonse bii, kwa chithunzi chimodzi chokha. Panthawi imeneyo imafunsa mfuti kuti ukuona kuwala? Yankho loyenera ndi ayi. Chithunzi chotsatira chimakhalabe chakuda koma pomwe panali bakha pamaikidwa kabokosi koyera, ndiye imafunsanso, ukuona kuwala? Mfuti ikati eee, ndiye kuti munaloza pa bakha, wagwa. Ikati ayi, mwaphonya, galu aseke. Ngati abakha ali awiri, kabokosi ka wina kamabwera kaye kenako ka mnzake, kuti gemu idziwe kuti mwalasa uti. Kuphethira kuja mumaona mukawomba ndi kumeneko, sikokongoletsa ayi, ndiye kuwombako.

Funso loyamba lija la mumdima anaikira anthu ngati ife amene tinkaganiza zolozetsa mfuti pa babu kuti tiziwina nthawi zonse. Mfuti ikaona kuwala pomwe payenera kukhala mdima gemu imadziwa kuti apa pali chinyengo, chipolopolo chapita pachabe.

Tsopano nkhani yonse yagona pa nthawi. Chithunzi chimodzi ndi chachifupi kwambiri. Makina a PAL, omwe ndi mtundu wa TV timagwiritsa ntchito kuno, amatulutsa zithunzi 50 pa sekondi, ndiye kuti chimodzi chimatenga mamilisekondi 20. Milisekondi ndi sekondi mutaigawa ka 1,000. A ku America ndi Japan, a NTSC, amatulutsa 60 pa sekondi, chimodzi mamilisekondi 16.7. Gemu sidikira kuti TV inene kuti ndaonetsa, ilibe njira yodziwira, waya wachikasu uja amangopita mbali imodzi. Imangokhulupirira kuti chomwe yatumiza panopa chili pa galasi panopa, ndipo imamvera mfuti nthawi yomweyo ikutumiza.

Pa TV ya chubu, ija ya chimsana, chikhulupiriro chimenechi chinali choona. TV ija ilibe posungira chithunzi, ilibe ubongo. Kumbuyo kwa chubu, pakhosi popyapyala paja, kumachoka mtsinje wa maelekitironi womwe umamenya mankhwala opakidwa mkati mwa galasi, ndipo pomwe wamenya pamawala. Makoyilo a pakhosipo ndi amene amaukhotetsa, kuchoka kumanzere kupita kumanja, mzere umodzi, kenako kutsika pang'ono mzere wina, mpaka pansi, kenako kubwerera pamwamba. Siginolo ikamalowa pa waya nthawi yomweyo ikuyendetsa kadonthoko, kusiyana kwake ndi kochepa moti simungakuwerengere. Mukukumbuka tili ana usiku tinkatenga chikuni cha moto n'kumazunguza mwachangu, mumaona mkombero wofiira wathunthu pomwe moto uli pa nsonga pokha? Ndi momwemo. Pa chubu palibe nthawi yomwe chithunzi chonse chimakhala chikuwala, pamakhala kadontho kowala kwambiri kakuthamanga ndi timizere tochepa kumbuyo kwake tomwe tikuzilala, maso athu ndi amene amalumikiza. Mzere umodzi pa PAL umatenga mamaikirosekondi 64, ndiye kuti mizere 15,625 pa sekondi. Maikirosekondi ndi sekondi mutaigawa ka 1,000,000. Kaphokoso kaja koti tswiii komwe ana amamva TV yakale ikayaka, pomwe akuluakulu sakumva kanthu, ndi liwiro limenelo.

Pulazima yanuyo, yomwe ndikukhulupirira kuti ndi LCD ya nyali za LED chifukwa kuno chilichonse chopyapyala timangoti pulazima, imagwira mosiyana kotheratu. Ndi kakompyuta. Siginolo ya pa waya wachikasu ikalowa imayamba yasandutsidwa manambala, n'kusungidwa mu memore, kenako TV imaikonza. Kagemu kanu kamatumiza chithunzi chaching'ono, madontho 256 m'lifupi ndi mizere 240, pomwe sikirini ili ndi madontho 1920 ndi mizere 1080 kapena kuposa, ndiye TV iyenera kuchikulitsa. Komanso ma TV ambiri akalandira siginolo ya magemu akalewa amaitenga ngati ya wailesi ya kanema wamba, ija imabwera theka theka, mizere ina kaye kenako ina, ndiye amadikira theka linalo kuti aphatikize. Onjezerani zochotsa chipale pa chithunzi, zosalaza mayendedwe, zokometsera mitundu. Chilichonse chimadya nthawi. Pofika pa galasi papita kale zithunzi ziwiri, zitatu, pena kuposa.

Tiyeni tiwerengere limodzi, tinene kuti kagemu kanu ndi ka zithunzi 50 pa sekondi ndipo TV yanu imachedwa ndi mamilisekondi 50, chomwe sichachilendo pa khomo la AV. Mwakoka thiriga pa 0. Kuyambira 0 mpaka 20 gemu ikutumiza mdima ndipo ikufunsa mfuti, koma pa galasi pakadali thambo la buluu lija ndi udzu ndi bakha akuuluka, chithunzi chakale. Kuyambira 20 mpaka 40 gemu ikutumiza kabokosi koyera ndipo ikumvera mfuti, pa galasi pakadali thambo lomwe lija. Pa 40 gemu yatseka nkhani, yalemba kuti mwaphonya, yabwerera ku masewera. Mdima uja ukufika pa galasi pa 50, kabokosi koyera kakufika pa 70. Mfuti yanu mwina ikukaona ndithu kabokosiko, koma palibenso amene akuifunsa. Zili ngati kufika pa depoti ndi tikiti yolondola basi itanyamuka kale.

Mwina mukuti nanga ndikaika Game Mode? Ikani, imathandiza kwambiri pa magemu a padi, Mario adzalumpha msanga. Koma bwerezani masamu aja ndi kuchedwa kwa mamilisekondi 20 okha, chithunzi chimodzi. Nthawi yomwe gemu ikufuna mdima, pa galasi pali thambo. Nthawi yomwe ikufuna kabokosi koyera, pa galasi ndi pomwe pafika mdima. Mwaphonyabe, mayankho onse awiri atembenuzika. Apa palibe zoti pang'ono pang'ono, kuchedwa kwa chithunzi chimodzi ndi kwa zithunzi zisanu mapeto ake ndi amodzi. Ndichifukwa chake mapadi akugwira, chala chanu ndi maso anu zimakhululukira mamilisekondi 50, mfuti siikhululuka.

Vuto lachiwiri ndi lomwe anthu ambiri salidziwa, ndipo limatsalabe ngakhale TV itakhala yosachedwa n'komwe. Zapper yeniyeni ya Nintendo simva kuwala kulikonse. Pa kabodi kake pali sefa yomwe imalola kuwala kophethira mwachangu kokha, pa liwiro la mizere ya chubu lija, cha m'ma 15,000 pa sekondi. Anachita dala kuti dzuwa la pawindo ndi nyali ya m'nyumba zisaisokoneze. Kadontho ka chubu kakamadutsa mzere ndi mzere mkati mwa kabokosi koyera, sensa imalandira kung'anima kotsatizana pa liwiro limenelo, ndiye imati eee ndaona. LCD ndi ina, kumbuyo kwake kuli nyali yomwe imangoyaka, kutsogolo kuli timazenera tamadzimadzi tomwe timatseguka ndi kutseka, ndipo tikatseguka timakhala chotsegula mpaka chithunzi china chibwere. Kwa maso athu poyera ndi poyera. Kwa Zapper, poyera pa LCD ndi chimodzimodzi khoma lopaka laimu, sikuona kanthu. Timazenerato timatenganso mamilisekondi angapo kuti tichoke pakuda kufika poyera, ndiye kabokosi ka chithunzi chimodzi kamatha kuzimitsidwa kasanawale n'komwe mokwanira.

Mfuti zokopera ngati zanuzo zimasiyanasiyana, zina ndatsegulapo muli kasensa ndi katiranzisita kamodzi kapena tiwiri, sefa mulibe. Zotere zimaona kuwala kwa LCD, koma zimagwabe pa vuto loyamba lija la nthawi. Ndipo izi zimachita zodabwitsa pena, mwa apo ndi apo bakha amagwa mutaloza kwina, ndiye munthu amaganiza kuti yayamba kugwira pomwe zangochitika mwangozi.

Onaninso kuti vuto si kuphwatalala kwa galasi ayi. Panali ma TV a chubu a galasi lafulati kutsogolo, chimsana chili pomwepo kumbuyo, cha m'ma 2000 anali ambiri, amenewo mfuti imagwira bwinobwino. Ndipo pali a chubu ena omwe mfuti sigwira, aja apamwamba olembedwa 100Hz kutsogolo kapena pa buku lake, chifukwa nawo amasunga chithunzi mu memore kuti achionetse kawiri, ndiye kuchedwa kwalowa kale ndipo liwiro la mizere lasintha. Monita ya kompyuta ya chubu nayo ayi, imathamanga mizere yoposa 31,000 pa sekondi ndipo kuti kagemu kalowepo pamafunika kabokosi kosinthira. Pulazima yeniyeni, OLED, pulojekita ya masiku ano, zonsezi ayi. Tikabokosi tija tosinthira AV kupita ku HDMI musataye nato ndalama pa nkhani iyi, timangoonjezera kuchedwa kwina pamwamba pa kwa TV.

Muyese bwanji kuti mudziwe ngati mfuti zanu zili moyo? Yambani pa TV yomweyo. Lowetsani mfuti pa khomo lachiwiri, la padi ya wosewera wachiwiri, chifukwa gemu imeneyi imamvera mfuti pamenepo basi, ndaonapo anthu akulimbana nayo ili pa khomo loyamba. Yambitsani gemu ndi padi, kokani thiriga. Ngati sikirini yaphethira, kaphokoso ka mfuti kamveka ndipo chipolopolo chimodzi mwa zitatu zija chachoka, ndiye kuti switchi ya thiriga ili bwino, pulagi ili bwino, khomo la gemu likumva. Zikapanda kuchitika zimenezi ndiye vuto lilidi pa mfuti kapena pa khomo, TV isanalowepo n'komwe. Pa mfuti yogula pamsikayo onani bwino mapini, zokoperazi zina ndi za mabowo 9 zina 15, ndipo ngakhale za mabowo ofanana sikuti nthawi zonse mawaya anawalumikiza mofanana mkati.

Palinso kachizindikiro kena pa menyu ya gemuyo pomwe pali GAME A, GAME B ndi GAME C. Anaipanga kuti mukawombera kumbali kwa TV kamuvi kamasuntha kupita pa gemu yotsatira, mukawombera pa sikirini gemu imayamba. Pa LCD mudzaona kuti ngakhale mulozetse pakati penipeni kamuvi kakungosuntha, kwa gemuyo mukuwombera kukhoma nthawi zonse. Makatiriji ena okopera anasintha menyu imeneyi ndiye musadabwe ngati kwanu kulibe.

Mayeso amenewa sakukuuzani za sensa, yomwe ndiye diso. Kuti muyese sensa pakufunika chubu basi. Nyamulani kagemu ndi mfuti zonse mupite kwa aliyense wokonza ma TV pafupi nanu, ambiri timakhala ndi ka mainchesi 14 pakona kodikira mwini wake yemwe sanabwerenso, mphindi zisanu zikwana.

Ndikuuzeni za bambo wina anabwera kwanga ndi nkhani ngati yanu yomweyi, chifukwa zake sizinathere pongopeza chubu. Anali atagula kale TV ya chubu ya mainchesi 21 atamva kwa mnzake, koma akuti mfuti ikugwira mwa apo ndi apo, kulasa kamodzi pa kasanu ngakhale mwana ataima pafupi. Ndinalumikiza gemu yake pa ka 14 kanga, tinawomba, abakha akugwa bwinobwino, ndiye mfuti tinaichotsa pa mlandu. Tinapita kunyumba kwake. Chinthu choyamba, TV anaiika moyang'anana ndi windo, dzuwa la masana likumenya pa galasi, pomwe payenera kukhala pakuda pakuoneka potuwa. Chachiwiri, chubu chinali chotopa, munthu amene anamugulitsa anakweza Brightness mpaka kumapeto kuti chithunzi chioneke chamoyo, ndiye chakuda sichinalinso chakuda, choyera nacho chinali ngati phulusa. Mfuti imafuna kusiyana kwakukulu pakati pa ziwirizi. Tinatseka katani, ndinatsitsa Brightness mpaka mdima unakhala mdima weniweni, n'kukweza Contrast kuti choyera chilimbe, n'kupukuta galasi la TV lomwe linali ndi fumbi lomata lija chubu chimakoka. Kenako ndinasuzumira mu mpope wa mfuti, kagalasi kanali ndi fumbi ndi kaukonde ka kangaude, pa TV yanga yowala bwino zinkadutsa koma pa yake yotopa ayi. Tinapukuta ndi kathonje kokulunga pa kamtengo ka machesi. Mwanayo ataima ngati mamita awiri anayamba kugwetsa abakha motsatizana, bambo ake n'kulanda mfuti, akuti akungoyesa.

Mtunda umenewo wa mamita awiri kapena kucheperako ndi womwe mfutizi zimakonda. Mukatalikira kwambiri pa TV yaying'ono kabokosi koyera kamachepa m'diso la mfuti, kuwala sikukwana.

Pogula chubu ndiye muchite chonchi. Pitani ndi kagemu kanu ndi mfuti, muyesere pomwepo musanapereke ndalama, wogulitsa akakana mudziwe kuti pali chomwe akubisa. Sankhani wamba, yotchipa, ya mainchesi 14 mpaka 21, yopanda zolembalemba za 100Hz, yokhala ndi mabowo a AV achikasu ndi oyera. Ya khomo la eriyo lokha imagwiranso ngati kagemu kanu kali ndi potulukira RF, mfuti ilibe nazo ntchito, kungoti mudzavutika kusaka tchanelo ndipo chithunzi chimakhala ndi chipale. Ikayaka dikirani mphindi zingapo muone ngati choyera chikuyera ndithu, ngati chithunzi sichikufufuma pakabwera zowala, ngati simukumva kuthetheka kumbuyo kapena kafungo kachilendo. Madontho a mitundu m'makona nthawi zambiri ndi maginito a sipika yomwe inakhala pafupi, zimenezo zimakonzeka ndipo mfuti sizimaisokoneza kwenikweni. Rimoti ifunseni, ma TV ena simungalowe pa AV popanda rimoti, ndaonapo anthu akulira nazo.

Ngati tsiku lina mudzapeze NES yeniyeni yochokera ku America, kumbukirani ziwiri. Adaputala yake ndi ya magetsi a 120, kuno ndi 230, mukangolowetsa pa soketi mwawotcha. Ndipo imatulutsa NTSC, ndiye chubu chakale kwambiri cha PAL yokha chitha kuonetsa zopanda mitundu kapena chithunzi chogudubuzika. Zopanda mitundu mfuti imagwirabe bola chithunzi chaima, chogudubuzika ayi.

Chimodzi ndikupempheni, musatsegule kumbuyo kwa TV ya chubu. Pa kachikho ka labala kaja komata pa chubu pamafika mavoti cha m'ma 25,000 pa TV ya mitundu, ndipo chubucho chimasunga moto ngakhale mutazula pulagi dzulo. Ife tomwe timayamba tauchotsa motowo ndi waya wa ku chasisi tisanagwire. Khosi la chubu nalonso ndi galasi lopyapyala lopanda mpweya mkati, ponyamula galasi lakutsogolo liyang'ane pamimba panu chifukwa kulemera konse kuli kumeneko. Ngati muli pa sola muwerengerenso kuti imadya magetsi ambiri kuposa yopyapyala ya saizi yomweyo, ndipo poyatsa imakoka mwamphamvu kamodzi, "dumm" uja mumamva, kainiveta kakang'ono kamatha kulira n'kuzima.

Nanga njira yosagula chubu ilipo? Ilipo koma si ya pa menyu, ndi yosintha gemu yeniyeniyo. Pali anthu anatenga pulogalamu ya Duck Hunt ndi magemu ena ochepa n'kuisintha kuti izidikira, poyamba imayeza kuti TV yanu imachedwa zithunzi zingati, ndiye mukawomba imadikira zithunzi zomwezo isanafunse mfuti. Zimenezi zimathetsa vuto la nthawi lokha, la sefa limatsala, ndiye pamafunika mfuti yopanda sefa kapena yomwe munthu wasintha kabodi kake. Apa mfuti zanu zokoperazo mwina zingakhale ndi mwayi kuposa yeniyeni ya Nintendo, zoseketsa eti. Koma pamafunikanso katiriji ija yolowetsa memore khadi kuti muikemo gemu yosinthidwayo, iyenera kuitanitsidwa kunja, ndipo sikuti imagwira pa makina onse okopera. Mukaphatikiza zonse mtengo wake upitirira wa TV ya chubu yakale kangapo. Kwa munthu wofuna kusewera ndi ana Loweruka masana ine sindingamulangize zimenezo.

Ndipo chigamba chimenechi chimatheka pa mtundu wa Zapper wokha chifukwa iyo imangofunsa kuti kuwala kapena mdima. Mfuti zomwe zinabwera pambuyo pake, monga Super Scope ya Super Nintendo ya 1992 kapena GunCon ya Namco ija ya Time Crisis pa PlayStation yoyamba, zinkadalira chubu kwambiri kuposa pamenepa. Izo zinkayeza nthawi yeniyeni yomwe kadontho kothamanga kaja kadutsa pomwe mwaloza. Popeza makina akudziwa kuti chithunzi chinayamba liti ndipo mzere uliwonse umatenga nthawi yanji, akamva kuti mfuti yaona kuwala panopa amawerengera kuti kadontho kali pa mzere wakutiwakuti, chakumanja kapena chakumanzere, n'kupeza malo enieni. Amene munasewerapo GunCon mukukumbuka kuti inali ndi kawaya kena kolumikiza pa pulagi yachikasu ya vidiyo, kanali kotengera chizindikiro cha poyambira chithunzi ndi mizere. Apa tikukamba za mamaikirosekondi, osati mamili. Pa LCD kadontho kothamangako kulibe n'komwe, ndiye palibe choti muyeze, kudikira sikungathandize.

Ndichifukwa chake opanga magemu atangoona kuti chubu chikutha anasiya kudalira sikirini. Wii ya 2006 inabwera ndi kandodo koika pamwamba kapena pansi pa TV, mkati muli tinyali ta infuraredi, ndipo kamera ili mu rimoti ya m'manja ndi imene imaona tinyalito n'kuwerengera komwe mwaloza, TV kaya ikhale yamtundu wanji. GunCon 3 ya pa PlayStation 3 inachitanso zofanana, tizipangizo tiwiri ta tinyali toika m'makona a TV. Ina ya masiku ano yotchedwa Sinden ili ndi kamera yomwe imaona mkombero woyera wojambulidwa m'mphepete mwa chithunzi. Zonsezi zimagwira pa TV yanu ya 43, koma zimafuna makina ake kapena kompyuta, pa kagemu ka kwa mayi sizilowa.

Ndiye ine ndikanakhala inu, kagemuko kakhale pa pulazima pa magemu a padi, ndi Game Mode yoyatsa, ndipo ndikanafunsa kaye kumudzi komweko ngati TV yomwe munkaseweretsa kale ija ikadali m'chipinda chosungira katundu, nthawi zambiri imakhala ili pomwepo yafundidwa nsalu. Ngati yakhala zaka osayaka musangoilowetsa pa magetsi, ipite kaye kwa wokonza aipemerere fumbi ndi kuona ngati makoswe sanadye mawaya kapena chinyezi sichinalowe. Mukaipeza muyese mfuti zonse ziwiri imodzi imodzi pa khomo lachiwiri, katani wotseka. Ndipo mukamasewera GAME A mupatse mwana padi agwire, ambiri sitinkadziwa kuti pa gemu ya bakha mmodzi ija padi imatha kuwongolera komwe bakhayo akuulukira.